Mphindi 41 za mu foni, mizere isanu ya papepala

Teremu yachiwiri itafika pakati, ndinaitanitsa kholo la mnyamata wina wa Fomu 3 pasukulu yathu yoyendera kuno kudera la Nsaru. Anabwera ndi mayi ake, atayenda wapansi kuchokera kumudzi wina cha ku Kabudula. Tisanayambe anandipempha kuti: "Aphunzitsi, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Zimene munene pano ndikafika kunyumba theka ndaiwala, ndipo bambo ake akandifunsa. Bwanji mujambule mawu pa foni?" Ndinafunsa mnzanga wa Masamu ndi mnyamatayo ngati akuvomera, onse anati palibe vuto. Ndinaika foni patebulo, ndipo pomaliza inasonyeza mphindi 41.

Vuto linaoneka pomwepo. Foni ya mayiwa ndi yaing'ono yamabatani, ndipo ngakhale ikanalandira mawuwo, palibe amene angakhale pakhonde kumvetsera mphindi 41 nyengo yothyola fodya. Ndinalonjeza kuti ndilemba chidule mwana abweretse Lachisanu. Ndimaphunzitsa Chingerezi, kulemba chidule ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, choncho ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya mphindi khumi.

Pepala langa loyamba linali masamba awiri. Linayamba ndi amene analipo, kenako zimene aliyense ananena motsatana, ngati maminitsi a msonkhano wa aphunzitsi. Kumapeto ndinalemba kuti mwana azilimbikira, aziwerenga usiku uliwonse, ndipo makolo azimulimbikitsa. Ndisanatumize ndinawerengera mayi wina amene amagulitsa mandasi pageti, ndikumufunsa kuti akanakhala iye, mawa mmawa akanachita chiyani. Anandiyang'ana, nati: "Ndikanamukalipira." M'masamba awiri onsewo chimene anatolamo chinali chomwecho. Pepalalo ndinaling'amba.

Maminitsi amasunga zimene zinanenedwa, pamene kholo limafuna kudziwa zimene lichite, liti, ndi mmene lingaonere kuti zatheka. Ndinayambanso, ndipo njira imene ndinatsata ndi imene ndikufuna kugawana ndi aphunzitsi anzanga ndi makolo.

Ulendo woyamba ndinamvetsera zonse cholembera chili pansi. Munthu ukamamvetsera uku ukulemba, umangotola mawu ako omwe chifukwa ndi amene ukuwayembekeza. Nditakhala chete ndinachita manyazi: pa mphindi 41 zija, ife aphunzitsi awiri tinalankhula zoposa 30. Ndipo pa mphindi ya 27, ine ndikufotokoza za kuwerenga usiku, mayi aja anati chapansipansi: "Kanyale kathu ka sola sikafika patali, nsima ikamapsa kamakhala kakuzima." Pa msonkhano sindinamve n'komwe. Malangizo anga aakulu, oti mwana aziwerenga maola awiri usiku, anali atafera pomwepo.

Ulendo wachiwiri ndinagawa pepala zigawo zitatu, ndikumaimitsa foni ndi kulemba mphindi ya mfundo iliyonse kuti ndithe kubwererako. Chigawo choyamba chinali cha zinthu zowerengeka, monga malikisi ndi masiku amene mwana anajomba. Chachiwiri chinali cha zimene munthu anavomera ndi pakamwa pake kuti achita. Chachitatu chinali cha zina zonse: malonje, madandaulo, nkhani ya feteleza, ndi nthano yanga ya mmene ndinkawerengera pa koloboyi. Chigawo chachitatuchi chinadzaza tsamba, ndipo palibe chimene chinalowa m'pepala la kholo.

Chigawo chachiwiri ndi chimene chimafuna khutu. Pali kusiyana pakati pa zimene mphunzitsi wanena ndi zimene kholo lavomera. Kwathu kuno munthu wamkulu akamati "eya, aphunzitsi" nthawi zambiri akupereka ulemu, sakulonjeza kanthu. Mnzanga atanena kuti agule buku la Masamu, mayi anati "tiona fodya akagulitsidwa." Ndikanalemba kuti makolo agula buku, ndikanawasenzetsa lonjezo limene sanapange, ndipo tsiku lokumananso akanabwera ndi manyazi kapena osabwera. Koma pa nkhani ya kujomba anati, "zimenezo ndiye ndikakambirana ndi bambo ake lero lomwe." Limenelo ndi lonjezo, ndipo ndinalilemba.

Pa manambala ndinasankha awiri okha, ndipo sindinadalire foni, ndinakatsimikiza mu kaundula ndi mu buku la malikisi. Zinathandiza, chifukwa pa msonkhano ndinati mwana wajomba masiku 15, pamene kaundula anati 11 pa masiku 35. Nambala yachiwiri inali giredi ya Chingerezi. Apa panali msampha umene makolo ambiri amagwamo. Kusekondale, Fomu 3 ndi 4, timachonga motsata mmene a MANEB amachitira pa mayeso a MSCE: 1 ndi 2 ndi pamwamba penipeni, 3 mpaka 6 ndi kukhoza bwino, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mu foni ndinamva mayi aja akuti "koma ndiye akuyesetsa" nditangonena kuti wapeza 8. Ankaganiza kuti ndi 8 pa 10. Choncho nambala yosamasulira ndinaikana. Ndinafunikanso kunena chifukwa chake Chingerezi ndachiika patsogolo: amene walephera phunziro limeneli salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale ena onse atakhoza.

Kenako inafika ntchito yeniyeni, yosandutsa malangizo kukhala zochita. Muyeso wanga unali uwu: kodi mayi amene sawerenga Chingerezi angaone ndi maso ake kuti izi zachitika? "Azilimbikira" saoneka ndi maso. Tsamba lodzaza ndi inki limaoneka, siginecha yofiira ya mphunzitsi imaonekanso. Nthawi nayo ndinaimangirira ku zochitika za pakhomo m'malo mwa wotchi, ndipo chifukwa cha kanyale kaja kuwerenga ndinakusamutsira masana. Pepala lachiwiri linatuluka chonchi, m'Chichewa, ndi malembo akuluakulu, tsamba limodzi la kope.

Pamwamba ndinalemba kuti: "Mmene zilili: mwana wanu wajomba masiku 11 pa masiku 35. Chingerezi wapeza 8, kutanthauza kuti watsala pang'ono kulephera, chifukwa nambala yaing'ono ndiye yabwino. Tikufuna afike pa 6 pofika mayeso a teremu yachitatu."

Pansi pake panabwera mizere isanu. Woyamba: Lolemba mpaka Lachisanu azinyamuka dzuwa likamatuluka, fodya azisoka Loweruka, ndipo tsiku la msika asamatumidwe. Wachiwiri: akafika kuchokera kusukulu ndi kudya, akhale pakhonde ndi makope kwa ola limodzi dzuwa lisanalowe, asanapite kudimba kapena kumpira. Wachitatu: Lachitatu lililonse alembe tsamba limodzi la chimangirizo cha Chingerezi, akuonetseni kuti ladzaza. Wachinayi: Lachisanu lililonse muone kope lomwelo, pakhale siginecha yanga yofiira ndi tsiku, ngati palibe, mwina sanapereke kapena ine sindinachonge, ndiye mundiflashe ndidzakuimbirani. Wachisanu: tidzakumananso pakatha masabata anayi, mudzabwere ndi pepala lino.

Mzere wachinayiwo umandimanga ine, ndipo ndinauika dala. Pepala limene lili ndi ntchito za kholo ndi mwana zokha limamveka ngati chisamani cha kukhoti. Mphunzitsi akalembamo mbali yake, kholo limapeza poyambira kumufunsa. Za Masamu ndinazisiya kaye, ngakhale mnzanga sanakondwe. Tinakambirana mfundo zoposa khumi, koma banja limene lili pakati pa kuthyola ndi kupachika fodya m'chigafa silingasenze zonsezo nthawi imodzi.

Pali china chimene ndinachisiya pa chifukwa chosiyana. Mayi aja anatchula vuto lina la m'banja mwawo limene likumusokoneza mwana. Linandithandiza kumumvetsa, koma pepala loti likawerengedwa mokweza, mwina ndi mwana wa Sitandade 7 wa nyumba yoyandikana, silisunga chinsinsi. Pa chifukwa chomwechi mawu ojambulawo sindinatumizire munthu aliyense, ndipo nditamaliza kulemba ndinawafufuta mu foni, mnyamatayo akuona. Foni ya mphunzitsi imabwerekedwa, imasiyidwa kotchajitsa pa sitolo, ndipo mawu a kholo limene linakukhulupirira sayenera kuyenda choncho.

Sitepe yomaliza inali kuyesa pepalalo. Sindinangompatsa mwana, pakuti wonyamula uthenga wonena za iye yemwe amatha kuupungula m'njira. Ndinaimba foni madzulo, mng'ono wake anawerenga mokweza, kenako ndinapempha mayi kuti andiuze m'mawu awo zimene achite sabata imeneyo. Anatchula zinayi bwinobwino, koma pa mzere wachitatu ankaganiza kuti tsamba lililonse lodzaza ndi lokwanira, ngakhale manotsi okopera pa bolodi. Kulakwa kunali kwanga. Tinagwirizana kuti chimangirizo chizilembedwa mu kope lakelake lachikuto chobiriwira. Kholo likalephera kubwereza mzere, mzerewo ndi umene uyenera kukonzedwa.

Masabata anayi atatha mayi anabwera, pepala lili lopindidwa m'mphepete mwa chitenje, lothimbirira ndi utsi. Mwana anali atajomba masiku atatu pa 20, onse m'sabata imene bambo ake anadwala ndipo fodya akanawonongeka m'munda. Zimangirizo zinali zitatu m'malo mwa zinayi. Giredi inali isanasunthe, ndipo sindinayembekeze kuti ingasunthe m'mwezi umodzi. Pepala siligula nyale, silichotsa ntchito ya kumunda, ndipo ngati mnyamatayu adzafike pa 6 tidzaona mu Julayi.

Chimene chinasintha ndi msonkhano womwewo. Unatenga mphindi 12, ndipo amene anayamba kulankhula anali mayi. Anatsegula kope lobiriwira, naloza tsamba lina ndi chala, nati: "Aphunzitsi, apa palibe chofiira chanu." Ndinayang'ana tsiku lake. Inali sabata imene ndinapita ku maliro ku Namitete, ndipo makope ndinawasiya osachonga. Ndinapepesa, ndinatenga cholembera, ndikuchonga pomwepo iwo akudikira.