Musanapemphe anamwino ena, tsatirani kaye wodwala mmodzi

Akuluakulu a chipatala mukawafunsa za mizere yaitali, yankho limabwera msanga: ogwira ntchito ndi ochepa. Sindikutsutsa, ngochepadi. Koma ndatopa ndi yankho limeneli, chifukwa limatseka nkhani pamene palibe amene anayezapo kuti maola a wodwala amathera pa khomo liti.

Njira yoyezera ilipo, ndipo siifuna kompyuta. Inachokera ku kampani ya galimoto ya Toyota ku Japan, kumene Taiichi Ohno anaphunzitsa kuti chilichonse chimene sichipindulira wogula, monga kudikira, kuyendayenda ndi kubwereza ntchito, ndi kutaya chabe. Chipatala cha Virginia Mason ku Seattle chinatengera maganizowa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kwathu kunonso si achilendo, pakuti zipatala zina za boma zinaphunzira kale kaizeni mothandizidwa ndi JICA. Koma kukonza mashelefu ndi kumata mayina pa makabati n'koyambira chabe. Chofunika ndi kujambula mapu a ulendo wa wodwala: munthu mmodzi, wotchi m'manja, atsatire wodwala kuchokera pa geti mpaka potuluka, n'kulemba manambala awiri pa khomo lililonse, mphindi zodikira ndi mphindi zothandizidwa.

Tiyerekeze mayi wafika 7 koloko ndi mwana wotentha thupi. Adikira mphindi 60 kuti mwana akwere sikelo ndi kuyezedwa kutentha, ntchito ya mphindi 3. Adikiranso 80 pa benchi, adokotala amuona mphindi 4 n'kulemba m'buku kuti akayezetse malungo. Ku labu adikira 40, kubaya chala ndi kudikira zotsatira kutenga 20. Tsopano abwerera kwa adokotala omwe aja, adikira 35, iwo alemba LA m'mphindi 2. Pa windo la mankhwala adikira 30, alandira m'mphindi 3. Mukawonkhetsa, mayiyu wakhala pachipatala mphindi 277, maola anayi ndi theka n'kupitirira, koma zothandizidwa ndi 32 zokha.

Taonani pamene pali mfundo. Mwana mmodzi walowa kawiri kwa adokotala, munthu amene aliyense pachipatalapo akumudikira. Mphindi 6 pa mwana aliyense ndiye kuti ana 10 pa ola. Nanga chimaletsa n'chiyani kuti woyeza malungo akhale pafupi ndi sikelo, mwana aliyense wotentha thupi abayidwe chala pomwepo? Mphindi zodikira zotsatira zingathere pa benchi yomwe mayi akanakhalapo kale. Adokotala akaona mwana kamodzi, zotsatira zili m'buku, ngakhale atatenga mphindi 5 adzaona ana 12 pa ola, ndipo mizere iwiri yafafanizika popanda kulemba ntchito munthu wina. Zimandipweteka kuti chinthu chotere chingakhale zaka osasinthidwa, chabe chifukwa labu inamangidwa kuseri ndipo tonse tinazolowera.

Ena adzati wodwala si galimoto. Zoona, n'chifukwa chake mapuwa ayenera kukhala ndi njira yachidule ya mwana amene akukomoka, akubanika kapena sakutha kuyamwa. Ameneyo sayima pamzere uliwonse. Koma kunena kuti kuwerenga mphindi n'kuchotsera wodwala ulemu ndiye ayi. Chomuchotsera ulemu ndi kumukhazika pa simenti mpaka masana, mwana akulira kumsana, ganyu wa tsikulo atapita.

Njirayi imalakwika m'malo odziwika. Mapu ojambulidwa mu ofesi amaonetsa zimene zimayenera kuchitika, pomwe zochitikadi amazidziwa mlonda, kalaliki ndi wokolopa, omwe sayitanidwa ku misonkhano. Kutsatira odwala Lachinayi lokha nakonso n'kudzinamiza, pakuti Lolemba ndi tsiku la msika zili ndi mizere yakeyake. Ndipo chenjerani ndi mzere wongosamuka. Adokotala akafulumira, khamu lonse limakaunjikana pa windo la mankhwala pamene pali munthu mmodzi wowerenga mapiritsi. Mudzadziwa kuti mwangosuntha vuto ngati benchi ya adokotala yapepuka koma nthawi yochokera pa geti mpaka potuluka ili chimodzimodzi. Nambala yokhulupirika ndi yomalizayo. Za khamu la pa windo lija, yankho lake ndi kulongedzeratu mankhwala otuluka kawirikawiri m'timapaketi madzulo, windo lisanatsegulidwe mawa lake.

Mapu sabweretsa mankhwala m'nkhokwe, ndipo kuyeza ana malungo pafupi ndi sikelo kumafuna kuti zida zoyezera zisamathe pakati pa mwezi. Mkulu amene angagwiritse ntchito mapuwa pofuna kuchepetsa antchito adzapezanso kuti palibe womuuza zoona ulendo wachiwiri. Koma komiti ya chipatala ikamapita kwa mkulu wa zaumoyo m'boma kukapempha namwino wina, ipite ndi pepala la odwala 20 otsatiridwa Lolemba ndi Lachinayi, losonyeza khomo limene namwinoyo akaime.