Pamene chala chaloza pa bondo, ndi zaka za mwini chalacho

Wachipatala wodziwa za mafupa akalandira munthu wodandaula bondo, asanaganize n'komwe za ekisire amayamba wamupempha kuti aloze ndi chala chimodzi pamene pakupweteka, chifukwa bondo lili ndi zigawo zingapo ndipo chilichonse chimadwala mwa njira yake. Pabondo pamakumana fupa la ntchafu, fupa la msongolo ndi kafupa kozungulira kakutsogolo kamene madokotala amati patela, ndipo nsonga za mafupawa n'zokutidwa ndi chicherewecherewe, kamnofu kolimba ndi koterera kamene kamateteza mafupa kuti asakhulane. Komabe malo opwetekawo sanena zonse paokha, pakuti ululu wa malo amodzimodzi umatanthauza china kwa mtsikana wothamanga wa zaka 19 ndi china kwa mayi wa zaka 62. Kwa wachinyamata, kawirikawiri bondo limakhala labwinobwino koma lasenzetsedwa ntchito yoposa imene linazolowera, pamene kwa wachikulire mfundo yeniyeniyo imakhala itasintha pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka.

Othamanga achinyamata ambiri amaloza kutsogolo, ndipo nthawi zambiri amalephera kuloza ndi chala chimodzi, m'malo mwake amaphimba patela yense ndi chikhatho n'kunena kuti ululu uli mkati, kuseri kwa kafupako. Patela amatsetsereka m'kangalande ka kumapeto kwa fupa la ntchafu nthawi iliyonse bondo likapindika, ndipo mphamvu imene amapanikizika nayo imakula kwambiri munthu akamanjuta, akamatsika masitepe kapena akamathamanga motsetsereka. N'chifukwa chake ululu umenewu umabuka pa zochita zimenezi, komanso munthu akakhala nthawi yaitali atapinda miyendo m'kalasi kapena m'minibasi, koma bondo silitupa ndipo silitentha. Mpikisano wonga wa onyamula katundu wa paphiri la Mulanje umasonyeza bwino nkhaniyi, popeza mapapo ndi amene amavutika pokwera pamene mawondo amalipira potsika.

Chala chikatsika pang'ono, tanthauzo limasintha. Ululu umene uli pansonga yam'munsi ya patela penipeni, poti munthu angathe kuloza mosaphonya, umachokera ku mtsempha wolimba wolumikiza patela ndi fupa la msongolo, ndipo umakonda ochita masewera odumphadumpha monga ntchemberembaye. Chala chikatsikanso masentimita angapo mpaka pakafupa kotundumuka pamwamba pa msongolo, ndipo mwini wake ndi mwana amene akusinkhuka, wa zaka zapakati pa 10 ndi 15, ndiye kuti mtsempha uja ukukoka fupa limene silinakhwime. Vutoli linafotokozedwa mu 1903 ndi madokotala awiri amene sankagwira ntchito limodzi, Robert Osgood wa ku Boston ndi Carl Schlatter wa ku Zurich, ndipo limadziwika ndi mayina awo. Nthawi zambiri limatha lokha mwana akamaliza kukula, ngakhale chotundumukacho chimatsala, ndipo kutema mphini pamalowo sikuthandiza kanthu kupatula kutsegulira tizilombo njira.

Ululu wa kumbali yakunja kwa bondo uli ndi khalidwe lodziwika msanga. Kuchokera m'chiuno kutsika kunja kwa ntchafu kuli lamba wa minyewa yolimba amene amadutsa pamwamba pa kafupa kotundumuka, masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa mzere umene mafupa awiri amakumanira, ndipo lambayu amapanikiza minofu ya pansi pake bondo likapindika pang'ono, monga limachitira phazi likangoponda pansi. Wothamanga amanyamuka wopanda vuto, ululu wobaya n'kuyamba pa mtunda womwewomwewo tsiku lililonse, mwina pa kilomita yachinayi, ndipo akangoima n'kuyamba kuyenda umazilala. Munthu wachikulire amene sathamanga sakumana nalo kawirikawiri vuto limeneli.

Achikulire ambiri amaloza kumbali yamkati, kumene mawondo awiri amayang'anizana, chifukwa poyenda mbali imeneyo ndi imene imasenza gawo lalikulu la kulemera kwa thupi. Kumeneko chicherewecherewe chimaperepeseka, mpata wa pakati pa mafupa umachepa, m'mphepete mwa mafupa mumamera timinga, ndipo matenda akakula mwendo umayamba kupindikira kunja. Imeneyi ndi nyamakazi ya kutha kwa mfundo, ndipo malangizo a zaumoyo a ku Britain amalola kuizindikira popanda ekisire ngati munthu ali ndi zaka 45 kapena kuposerapo, ululu wake umabwera akamagwiritsa ntchito bondolo, ndipo kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30. Malire a mphindi 30 amenewa ndi ofunika, chifukwa mfundo zimene zimauma kwa ola lathunthu kapena kuposerapo, makamaka zikakhala zingapo ndiponso za m'manja, zimaloza ku nyamakazi yotupitsa imene imayamba chitetezo cha m'thupi chikaukira mfundo zake zomwe, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Pamzere womwewo wamkati pali menisikasi, kachicherewecherewe kooneka ngati mwezi wongokhala kumene kamene kamakhala pakati pa mafupa awiri n'kumagawa kulemera, ndipo pamenepa kusiyana kwa mibadwo kumaonekera kuposa pena paliponse. Mnyamata amene wapotokola bondo phazi lili chiimire pansi, bondolo n'kutupa pofika mawa lake kapena kukana kuwongoka, angakhale atang'amba menisikasi wathanzi, ndipo nthawi zina amafunika kusokedwa. Kwa achikulire kung'ambikako n'kofala ngati imvi. Kafukufuku wa ku Framingham ku America, wofalitsidwa mu 2008, anajambula mawondo a anthu a zaka 50 mpaka 90 ndipo anapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anali ndi menisikasi wong'ambika, 61 sanamvepo ululu m'mwezi wapitawo. Mu 2013 madokotala a ku Finland anagawa pawiri odwala 146 a menisikasi wong'ambika chifukwa cha kutha, ena n'kuwadula mbali yong'ambikayo, ena n'kuwachita opaleshoni yongoyerekezera, ndipo patatha chaka magulu awiriwo anali atachira mofanana. Choncho chithunzi chosonyeza kung'ambika pa bondo la munthu wa zaka 60 si chifukwa chokwanira chogulitsira munda kuti alipire opaleshoni.

Chitsanzo chongoganizira chingamveketse nkhaniyi. Mtsikana wa zaka 19 amene ankathamanga makilomita 20 pa mlungu wakweza mtundawo kufika pa 45 m'milungu itatu pokonzekera mpikisano, n'kuwonjezerapo zitunda, ndipo tsopano akumva ululu kuzungulira patela akamatsika masitepe, koma bondo silinatupe, limawongoka lonse, ndipo sakumbukira tsiku limene anagwa. Azakhali ake a zaka 62, olemera makilogalamu 84, akuloza mkati mwa bondo lamanja, limene limauma kwa mphindi 10 m'mawa n'kumasuka akayendayenda, kenako n'kuyambiranso kupweteka madzulo akachokera kumunda. Onse awiri akuti bondo likupweteka potsika, koma zofunika kuchita zikusiyana. Mtsikanayo ayenera kubwerera ku makilomita 20 kapena kucheperapo pamalo athyathyathya, kufupikitsa mapazi pothamanga, ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi ya m'mbali mwa chiuno katatu pa mlungu kwa milungu 6 mpaka 12, ndipo muyeso wake ukhale wakuti ululu wochepa umene watha pofika m'mawa ndi wololeka, koma umene wagonera kapena ukumutsimphinitsa ukusonyeza kuti wapyola malire. Kusiyiratu kuthamanga kwa mwezi n'kudzayambiranso pa makilomita 45 kumangobwezeretsa vutolo.

Azakhaliwo nawo sayenera kukhala pamkeka, ngakhale achibale ambiri amalangiza zimenezo chifukwa cha chifundo, pakuti bondo la nyamakazi likamangokhala minofu ya ntchafu imafooka ndipo ululu umakula. Kudzuka pampando ndi kukhalanso mobwerezabwereza, kuyenda pang'ono tsiku lililonse, kugwira ndodo ndi dzanja lamanzere popeza bondo lodwala ndi lamanja, ndi kuchepetsa thupi ndi zimene zimathandiza kwambiri, ndipo ofufuza anapeza kuti kilogalamu iliyonse imene munthu wachepetsa imachotsa pafupifupi makilogalamu anayi pa katundu wa bondo nthawi iliyonse akaponda. Mapiritsi monga bulufeni ndi dikilofenaki amene ambiri amagula okha amaziziritsa ululu, koma kwa wachikulire wowamwa miyezi yambiri angathe kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, choncho mankhwala opaka pakhungu ndi amene ayenera kuyesedwa poyamba. Wachikulire akapeza chotupa chofewa kuseri kwa bondo, kawirikawiri amakhala madzi a m'mfundo amene asefukira kumbuyo chifukwa cha nyamakazi yomweyo.

Pali nthawi zina pamene chala chimanama, ndipo zimenezi n'zoopsa kuposa zonse zimene zafotokozedwa. Chiuno ndi bondo zimagawana mitsempha yotumiza uthenga wa ululu ku ubongo, motero matenda a mfundo ya m'chiuno angathe kumveka pabondo kapena mkati mwa ntchafu pamene bondolo lilibe vuto. Mwana wa zaka 10 mpaka 16, makamaka wonenepa, amene akutsimphina, phazi lake likuloza kunja, ndipo akudandaula bondo limene likapimidwa silisonyeza kanthu, angakhale ndi mutu wa fupa la ntchafu umene ukutsetsereka pamalo okulira fupa, vuto lofuna opaleshoni yamsanga ndipo likachedwetsedwa limasiya chilema. Wachikulire amene akuvutika kuvala nsapato kapena kudula zikhadabo za kuphazi nayenso ayenera kupimidwa chiuno, osati bondo lokha.

Ndiponso pali zizindikiro zimene zimapangitsa funso la malo kukhala lopanda ntchito. Bondo limene latupa, latentha ndi kukana kupindika m'maola ochepa, mwini wake akumva malungo, lingakhale ndi mafinya m'kati, ndipo mafinyawo amawononga chicherewecherewe m'masiku owerengeka. Bondo lotupa pang'onopang'ono kwa miyezi mwa munthu amene akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku lingakhale ndi chifuwa chachikulu cha m'mafupa, chimene m'Malawi muno si chachilendo. Wachinyamata amene ululu wake umamudzutsa usiku, sukutha ngakhale apume, ndipo pafupa pali chotupa cholimba, ayenera kujambulidwa ekisire, chifukwa khansa ya mafupa ya achinyamata imakonda kuyambira pafupi ndi bondo. Katumba amene watupa ndi kupweteka mwendo umodzi wokha angatanthauze magazi oundana mumtsempha, ndipo sayenera kusisitidwa. Aliyense amene waona chimodzi mwa zizindikiro zimenezi, kaya ali ndi zaka 15 kaya 70, apite kuchipatala cha boma chapafupi, kumene kuli akatswiri othandiza pa matenda a mafupa amene dziko lino lakhala likuphunzitsa kuyambira mu 1985, ndipo wa bondo lotentha kapena katumba wotupa apite tsiku lomwelo.