Onani Ndalama Zanu Musanabweze

Sabata ino ku Rimuka, ku Kadoma, mayi wina wogulitsa tomato anandionetsa uthenga wa pafoni wonena kuti walandira madola 50 pa EcoCash. Pasanapite nthawi mwamuna wina anaimba, mawu akunjenjemera, akuti walakwitsa nambala, ndalamazo ndi za mankhwala a mwana, chonde abwezeredwe. Mayiwo, pomva chisoni, anatumiza madola 50 awoawo, phindu la masiku ambiri padzuwa, pamene kwa iwo sikunalowe ngakhale senti. Abale athu a ku Pfupajena, ku Chegutu, akudandaula zomwezi. Chimene chimandiwawa n'chakuti akubawa amadyera pa chifundo chimene makolo athu anatiphunzitsa m'makomboni a migodi, choti mnzako akalira usamutembenukire msana. Komatu uthenga wotere amachita kulemba pamanja, kutengera weniweni, ndipo ukauyang'anitsitsa umachokera pa nambala wamba ya munthu, sukhala pamodzi ndi mauthenga akale a EcoCash. Ndiye musakhulupirire uthengawo, ngakhale utchule dzina lanu. Dulani foni, imbani *151# nokha, muone ndalama zimene zilimo. Ngati sizinachuluke, palibe chobweza. Ngati zalowadi, muuzeni mwiniyo akadandaule ku ofesi ya Econet kuti akampaniyo abweze okha. Ena amaimbanso kachiwiri podzitcha antchito a kampani, n'kupempha PIN kapena manambala amene angokufikani pa uthenga, ati akonze vutolo. Amenewo musawapatse, chifukwa akangowadziwa amasesa zonse zotsala.