Kampani ikakamba kuti imatumiza soya kunja, ionetse mapepala a pa boda

Nthawi yokolola ikafika, ogula mbewu amabwela ndi mau okoma. Ena amauza makopaletivu kuti ali ndi msika waukulu kunja, conco tiwapatse soya pa nkhongole, adzalipila akagulitsa. Ife tikuti satifiketi ya PACRA si yokwanila. Imangoonetsa kuti kampani inalembetsedwa. Cimene imanyamuladi cimaoneka pa mapepala a kasitomu.

Katundu wa kampani akamadutsa pa Mwami, Chanida kapena Chirundu, amalembetsedwa ku ZRA m'dongosolo la pa kompyuta lochedwa ASYCUDA World. Pepala limene limatuluka limaonetsa dzina la wotumiza ndi TPIN yake, dziko limene katundu akupita, kulemela kwake, ndi nambala ya mtundu wa katunduyo. Nambala ya soya imayamba ndi 1201, ya cimanga ndi 1005, ya salaula ndi 6309.

Tiyelekeze kuti kampani ina ikuti imatumiza matani 3,000 a soya caka ciliconse. Thilaki yaikulu imanyamula matani pafupifupi 30, amene ndi matumba 600 a makilogilamu 50. Ndiye kuti payenela kukhala maulendo pafupifupi 100. Tikapempha mapepala a caka catha, n'kutipatsa anai cabe a 1201, okwana matani 120, pamene ena onse ndi a 6309 olowa m'dziko, nkhani yadziwika. Ameneyu ndi wamalonda a salaula amene akungoyesako soya. Si mlandu, koma si munthu womupatsa zokolola za mudzi wonse asanalipile.

Poŵelenga tisamale zinthu ziŵili. Coyamba ndi dzina. Kampani ingationetse pepala limene dzina lake lili pa malo a ejenti wothandiza kuombola katundu, pamene mwini katundu ndi wina. Caciŵili, katundu wina amangodutsa m'Zambia kupita ku Congo. Pepala lake limaonetsa matani ambili, koma palibe thumba ngakhale limodzi limene linagulidwa kwa mlimi wa kuno.

Ena adzati mapepala amenewa ndi cinsinsi ca bizinesi. N'zoona kuti ZRA siipatsa munthu wamba mapepala a kampani ya wina, ndiye cifukwa cake timapempha kampaniyo. Ingathe kubisa mtengo ndi dzina la wogula, n'kusiya poyela dzina lake, deti, nambala ya katundu ndi kulemela. N'zoonanso kuti wogula amene amagulitsa soya ku mafakitale a mafuta ophikila ku Lusaka sakhala ndi pepala la pa boda. Ameneyo akambe zoona, ationetse malisiti a pa sikelo ya fakitale.

Koma amene wakamba yekha kuti ali ndi msika kunja, ndipo akufuna mbewu zathu pa nkhongole, abwele ndi mapepala ku msonkhano wa kopaletivu. Akakana, alipile ndalama pamanja thumba lisanakwele thilaki.