Chibalo cha ochedwa chikuwaphunzitsa chiyani ana a m'zigafa?

Sukulu zambiri za pulayimale ku Kasungu kuno zili ndi belu la mtundu umodzi: limu ya galimoto yomangiriridwa pamtengo. Likalira isanakwane 7:30 ana amathamangira ku asembule, amafola, amapemphera, amaimba nyimbo ya fuko. Ofika mochedwa amaimikidwa pambali. Anzawo akamalowa m'kalasi, iwo amapatsidwa makasu, zikwakwa kapena matsache. Wina akatchetche udzu kubwalo lampira, wina akalambule njira yopita kuchimbudzi, wina akakumbe dzenje la zinyalala. Izi zachitika kwa zaka zambiri moti palibenso amene amaziona ngati phunziro, chikhalirecho ana amalimvetsa bwino kuposa ena onse amene ali pataimutebulo.

Katswiri wina wa zamaphunziro wa ku America, Philip Jackson, analemba m'chaka cha 1968 kuti kuwonjezera pa zolembedwa m'silabasi, mwana amaphunzira zambiri kuchokera ku kayendetsedwe ka sukulu tsiku ndi tsiku: kudikira pagulu, kuyamikiridwa kapena kudzudzulidwa, ndi kudziwa amene ali ndi mphamvu pa iye. Zimenezi palibe amazilemba pabolodi ndipo MANEB siyizifunsa pamayeso. Iye ankanena za makalasi a kwawo. Kwathu kuno funso limeneli liyenera kufunsidwa pamodzi ndi kalendala ya fodya, chifukwa teremu yachiwiri, ya Januwale mpaka cha mu Epulo, imagwa ndendende pamene ntchito yakumunda yafika pampondachimera ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mtsikana wa sitandade 6 amene makolo ake amalima fodya wa bale pamunda wa mwini wake, monga amachitira mabanja ambiri ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe amene anabwera kuno kudzagwira utenanti. Lamulo lothetsa utenanti linadutsa m'chaka cha 2021, koma kagwiridwe ka ntchito m'minda sikanasinthiretu: banja limapatsidwa gawo lake, ndipo fodya akakhwima manja a bambo ndi mayi okha sakwana. Mu Febuluwale ndi Malichi masamba a m'munsi amayamba kuchezuka, ndipo akachedwa kuthyoledwa amawonongeka. Ndiye mwana uja amadzuka kusanache, amathandiza kuthyola, amatutira masamba kuchigafa, mwina n'kusokako pang'ono. Akamaliza amatunga madzi, amasamba, n'kuyamba ulendo wapansi wa kusukulu m'mimba muli pululu. Akamafika, belu linalira kalekale.

Apa ndi pamene sukulu imalankhula naye, ndipo imalankhula pomupatsa khasu.

Tiwerengere limodzi zimene amataya. Piriyodi imodzi m'makalasi akuluakulu imatenga mphindi 35. Chibalo chotchetcha udzu chikadya mapiriyodi awiri, zapita mphindi 70. Ngati zachitika katatu pasabata, ndi maola atatu ndi theka. Pa masabata 10 a nyengo yothyola ndi kusoka, mwanayo wataya mapiriyodi 60, osawerengera masiku amene sanabwere n'komwe. Ndipo awa ndi mapiriyodi a m'mawa, nthawi imene mutu uli wozizira ndipo mphunzitsi akuyamba mutu watsopano. Mwana amene anachedwa ndi mphindi 20 chifukwa cha ntchito ya kunyumba, sukulu imamuwonjezera kuchedwako kupitirira katatu, kenaka pamapeto pa teremu n'kumudabwa kuti walephera masamu.

Komatu chondiwawa kwambiri si mapiriyodi otayikawo, pakuti amenewo mwana wolimbikira akhoza kukopera manotsi kwa mnzake. Chondiwawa ndi zimene chibalocho chimamuuza.

Choyamba, amaphunzira kuti chifukwa chake chilibe ntchito. Pamzere wa ochedwa pamakhala mwana amene anagonereza, pamakhala amene anaima panjira kusewera mpira wa chikulunga, pamakhalanso iye amene wagwira kale ntchito maola awiri. Onse amalandira chilango chimodzi, ndipo kawirikawiri palibe wofunsidwa. Mu Life Skills mwanayu amaphunzitsidwa kuti azilankhula molimba mtima, azinena zakukhosi, azipempha thandizo akakhala pavuto. Pageti amaphunzitsidwa kuti wamkulu akagamula, iwe chako n'kuwerama. Mwa maphunziro awiriwa, amene amakhazikika ndi amene amabwerezedwa katatu pasabata thukuta lili kamukamu. Mtsikana amene wazolowera kuti kufotokoza n'kutaya nthawi sadzabwera kudzanena pamene mwamuna wamkulu wayamba kumudikira panjira, ngakhale pamene kunyumba ayamba kukamba zomukwatitsa fodya akagulitsidwa.

Chachiwiri chimakhudza khasu lenilenilo. Buku la zaulimi limanena kuti ulimi ndi bizinesi, ntchito yolemekezeka imene chuma cha dziko chimadalira. Koma pabwalo la sukulu khasu limatuluka m'sitolo pamene wina walakwa. Wokhoza masamu amatumidwa kukanyamula mabuku a aphunzitsi. Wochedwa, wosokosa ndi wolephera amapatsidwa khasu, anzake akumusuzumira pawindo. Mwana wa mlimi sasowa womumasulira. Amamva kuti zimene bambo ake ndi mayi ake amachita kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa ndi zimene zimapatsidwa kwa anthu olakwa. Kenaka tikamamva achinyamata athu akunena kuti bola kukasuzumira ku Joni kusiyana n'kukalamba ndi khasu, timati ana a masiku ano ndi aulesi, kuiwala kuti tinawaphunzitsa zimenezi tokha kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Pali chinanso chimene aphunzitsi ambiri sanauzidwe ku koleji. Masamba a fodya aawisi, makamaka akanyowa ndi mame kapena mvula, amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu. Wothyola fodya m'mawa wopanda zodzitetezera amamva mutu, nseru, chizungulire ndi kufooka, nthawi zina n'kusanza. Lipoti la bungwe la Plan la m'chaka cha 2009, lochokera pa zokambirana ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno, linati tsiku lachinyezi mwana akhoza kulowetsa chikonga chofika mamiligalamu 54, chofanana ndi cha ndudu pafupifupi 50. Choncho mwana wogona padesiki mu Febuluwale si waulesi nthawi zonse. Mphunzitsi akhoza kuzindikira popanda chipangizo chilichonse: ayang'ane zikhatho ndi zala ngati zili ndi utomoni wakuda womata uja, amve fungo la fodya wamuwisi pamalaya, aone ngati kudandaula mutu kumabwera m'mawa ndiponso m'miyezi yomweyi. Kumutuma mwana woteroyo kukatchetcha udzu padzuwa n'kumuwonjezera matenda, ndipo iye amatolapo zoti ngakhale kudwala kwake ndi mlandu wake.

Sindikuloza chala aphunzitsi ngati anthu ankhanza. Chilowereni maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, pamene ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi a ana oposa 100 akhala chinthu chozolowereka. Mphunzitsi amene ali padyute sangakhale pansi kumva nkhani za ana 40 ochedwa pamene kalasi yake ikumudikira. Chikwapu chinaletsedwa, ndipo chinayeneradi kuletsedwa, koma palibe anabwera ndi china cholowa m'malo mwake. Sukulu nayo ilibe wantchito wotchetcha udzu, ndipo nthawi ya dzinja udzu sudikira. Chibalo chimathetsa mavuto awiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake chakhalitsa. Kusunga nthawi nakonso ndi khalidwe lofunika, ndipo mwana wochedwa mwadala ayenera kuwongoledwa. Chimene ndikukana ndi chakuti sukulu izilanga mwana chifukwa cha ntchito imene akuluakulu amugwiritsa, pamene lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Wolakwa pa nkhaniyi alipo, koma si amene ali pamzere wa ochedwa.

Zotsatira zake zimaoneka m'kaundula. Mwana sachedwa kuwerengera kuti akafika mochedwa agwira chibalo ndipo mapiriyodi awiri amudutsa, koma akapanda kubwera mwina palibe amufunse. Ndiye akaona kuti dzuwa lakwera amangotsala kuchigafa, kapena amabisala kudambo mpaka anzake ataweruka. Mphunzitsi wamkulu amene akufuna kudziwa ngati chibalo chake chikugwira ntchito atsegule makaundula a sitandade 5 mpaka 7, ayerekeze Okutobala ndi Febuluwale. Akapeza kuti ochedwa achepa pamene ojomba achuluka, ndipo mayina ake ndi omwewo a ana a m'maesiteti, adziwe kuti sanaphunzitse kusunga nthawi. Waphunzitsa kujomba. Fodya akayamba kupita ku okushoni ya Chinkhoma mu Epulo, ena mwa anawa amabwerera, koma atatsalira kwambiri moti kubwereza kalasi kumakhala kosapeweka, ndipo wobwereza kawiri nthawi zambiri sabwereranso.

Kukonza zimenezi sikufuna ndalama za ku likulu. Wochedwa alowe kaye m'kalasi, dzina lake lilembedwe, nkhani yake imvedwe nthawi yopuma. Dzina likaoneka katatu pasabata, nkhaniyo ichoke pa mwana ipite kwa akuluakulu: gulu la amayi a pasukulu likacheze ndi makolo, komiti ya sukulu ndi a mfumu akaonane ndi mwini munda, chifukwa ndi iye amene amapindula ndi manja a mwana uja. Ntchito yosamalira pasukulu ikhalepo ndithu, koma ikhale ya aliyense, mosinthana, maphunziro akatha: wokhoza ndi wolephera, mnyamata ndi mtsikana, mwana wa aphunzitsi ndi mwana wa tenanti, ndipo mphunzitsi naye agwireko khasu pang'ono kuti ana aone. Udzu udzatchetchedwa chimodzimodzi, koma ana sadzalionanso khasu ngati chizindikiro cha munthu wolakwa.

Inu a hedi, inu a komiti, ndi inu a PEA amene mumayendera sukulu za m'zoni mwanu, teremu yachiwiri isanayambe khalani pansi mugwirizane chinthu chimodzi chokha: kuti kuyambira Januwale mpaka Epulo pasapezeke mwana wogwira chibalo nthawi ya phunziro, ndiponso kuti pasapezeke wolangidwa chifukwa chochedwa asanafunsidwe kumene anali m'mawawo.