"Wakhama"? Ndilozereni ndi chala

Nditangomaliza maphunziro ndinapeza mwayi wophunzira ntchito mu ofesi yoona za anthu ogwira ntchito pa bungwe lina mu Lilongwe. Ntchito yoyamba imene anandipatsa inali yooneka yaing'ono. Bungwelo linkafuna wothandiza pa zowerengera ndalama, masivi anabwera mulu, ndipo ine ndinayenera kuwerenga sivi iliyonse n'kulemba mwachidule, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, kuti bwana wa nthambi ya zachuma asankhe oti aitanidwe ku intavyu. Bwanayo analibe nthawi yowerenga mulu wonsewo. Chimene akanawerenga ndi mizere yangayo basi.

Zimene ndinaphunzira kumeneko ndi zimene ndikufuna tikangane lero. Ndikunena kuti wolemba chidule cha sivi alibe ufulu woyamikira munthu, ngakhale ndi liwu limodzi. Mawu ngati "wakhama", "waluso", "wodalirika", "woyenera ntchitoyi" akalowa m'chidule, ndiye kuti wolembayo wasiya ntchito yake n'kuyamba kusankha anthu mobisa. Ambiri amati kumeneku n'kukoma mtima. Ine ndimati n'kubera, chifukwa malo a intavyu ndi owerengeka, ndipo ukakweza mmodzi ndi mawu opanda umboni watsitsa wina amene sakudziwa n'komwe kuti watsitsidwa.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Chilengezo cha ntchitoyo chinkafuna zinthu zitatu: dipuloma ya zowerengera ndalama, zaka ziwiri pa ntchito yotere, ndi kudziwa kugwiritsa ntchito Sage kapena QuickBooks. Sivi nambala 14 inali ya mnyamata wina, yokonzedwa bwino, yamitundu, Chingerezi chake chosalala. Za iye ndinalemba, ndikamasulira m'Chichewa, kuti: "Mnyamata wakhama ndi waluso pa za akawunti. Ali ndi dipuloma. Wagwira ntchito zaka zitatu, ndipo ankatsogolera kukonza malipoti a pamwezi. Amadziwa bwino Sage."

Mayi amene ankandiyang'anira, munthu amene wakalambira pa ntchito imeneyi, anawerenga chidulecho n'kundiitana. Anaika sivi ija patebulo nati: "Achimwene, khalani apa. Liwu lililonse mwalembali mundilozere ndi chala pamene lili pa pepalali."

Ndinayamba ndi "wakhama". Liwulo linalipodi, pamwamba penipeni, m'kandime kamene mnyamatayo ankadzifotokoza yekha. Mayiwo anangondifunsa kuti, "Nanga alipo amene analemba kuti ndi waulesi?" Ndinakhala chete. Munthu akadzitcha wakhama, chimene tadziwa n'chakuti wadzitcha wakhama. Koma liwu lomwelo likachoka pa sivi n'kulowa m'chidule, limasintha mwini. Bwana amaliwerenga ngati umboni wa ofesi yathu, ngati kuti ife tinamuona akugwira ntchito.

Tinafika pa dipuloma. Sivi inkanena kuti anayamba dipulomayo mu 2022 ndipo akupitiriza. Ine ndinalemba kuti ali nayo. Pa zaka zitatu zija, pamutu pa ntchitoyo panalembedwa 2021 mpaka 2023, ndipo maso anga anangowerenga zaka zitatu: 2021, 2022, 2023. Koma m'munsi mwake munali miyezi: Novembala 2021 mpaka Febuluwale 2023. Tiwerenge limodzi. Miyezi iwiri ya 2021, miyezi 12 ya 2022, miyezi iwiri ya 2023. Yonse pamodzi 16, pamene chilengezo chinkafuna 24. Pa malipoti aja, sivi inkati "anathandiza kukonza", ine n'kusandutsa "ankatsogolera". Sage inalipo m'ndandanda wa maluso, koma panalibe ntchito ngakhale imodzi imene inatchula kuti anaigwiritsa ntchito, ndipo liwu loti "bwino" ndinaliwonjezera ndekha.

Taonani kuti mnyamatayo sanandinamize. Zonse analemba zoona. Wonama ndinali ine, ndipo sindinkamudziwa n'komwe, sanandigulire ngakhale botolo la zoziziritsa kukhosi. Ndinangokopeka ndi kukongola kwa pepala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo ndinaikamo ndine.

Tsopano sivi nambala 22, ya mayi wina. Inali yamasamba awiri, yopanda mitundu, yopanda kandime kodzitama. Za iye ndinalemba mizere itatu yozizira, n'kumaliza ndi kuti "anakhala pakhomo kwa kanthawi, mwina chifukwa cha za m'banja". Titaiwerenganso ndi chala, tinapeza izi: dipuloma anamaliza mu 2019, ntchito yoyamba, Juni 2020 mpaka Meyi 2021, miyezi 12, ntchito yachiwiri, Januwale 2022 mpaka Juni 2023, miyezi 18, yonse 30. Pa ntchito yachiwiriyo analemba kuti mwezi uliwonse ankafananitsa mabuku a kampani ndi sitetimenti ya kubanki pogwiritsa ntchito QuickBooks. Zinthu zitatu zonse za m'chilengezo anali nazo. Pakati pa Juni ndi Disembala 2021 sivi sinanene kalikonse, ndipo mpata wa miyezi isanu ndi iwiri umenewo ndinaudzaza ndekha ndi nkhani ya banja.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati kuyamikira n'kosalakwa bola usanyoze. Kuyamikira nambala 14 ndi kuganizira nambala 22 ndi tchimo limodzi: kulemba chimene pepala silinanene. Ndipo lachiwirili ndi loopsa ngakhale pa malamulo. Lamulo la za ntchito la dziko lino la chaka cha 2000, mu gawo 5, limaletsa kusala munthu pa ntchito, kuphatikizapo polemba anthu, pa zifukwa monga kukhala mwamuna kapena mkazi, mtundu, chipembedzo, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wosamalira banja. Ine ndi "mwina" wanga ndinali nditaika kale nkhani ya banja patebulo la bwana.

Chidule chimene ndinalembanso cha nambala 14 chinali chotere: "Dipuloma ya zowerengera ndalama: anayamba 2022, sivi ikuti akupitiriza. Ntchito: wothandiza mu ofesi ya akawunti, Novembala 2021 mpaka Febuluwale 2023, miyezi 16, anathandiza kukonza malipoti a pamwezi. Sage yatchulidwa pa maluso. Sivi sinatchule ntchito imene anaigwiritsa." Cha nambala 22 chinatsata mitu yomweyo, mwa dongosolo lomwelo, n'kuthera pakuti: "Juni mpaka Disembala 2021: sivi sinatchule kanthu." Palibe woyamikiridwa, palibe wonyozedwa. Bwana akawerenga awiriwa amaona yekha, ndipo akafuna kudziwa za miyezi ijayi akamufunsa mwini wake.

Ndikudziwa zimene ena anene. Choyamba, ati bwana amafuna maganizo ako, si ndiwe makina okopera mapepala. N'zoona kuti maganizo amafunika, koma ali ndi malo ake: pa pepala lopatsira malikisi, pa intavyu, pa msonkhano wa komiti, pamene aliyense amadziwa kuti awa ndi maganizo a uje ndipo akhoza kumutsutsa. Vuto la chiyamikiro cha m'chidule n'lakuti chimavala malaya a umboni. Bwana sangasiyanitse "miyezi 16", imene ili pa pepala, ndi "waluso", amene ali m'mutu mwanga, chifukwa zonse zafika m'ndime imodzi. Ngati bwana akufunadi maganizo anga, andifunse, ndiwalembe padera ndi dzina langa pansi.

Chachiwiri, ati ngakhale ulembe zoona zokhazokha, posankha zoti ulembe ndi zoti usiye wakondera kale. Amenewa ali ndi mfundo, ndipo sindiikana. Ukhoza kupha munthu ndi zoona zokhazokha, potchula ntchito yake yaing'ono n'kusiya yaikulu. Mankhwala ake ndi akuti wosankha mitu asakhale iwe, chikhale chilengezo. Ngati chilengezo chafuna zinthu zitatu, chidule chilichonse chiyankhe zitatu zomwezo, mwa dongosolo lomwelo, kwa aliyense. Pamene sivi ili chete, ulembe kuti ili chete. Zaka zakubadwa, boma lochokera, mpingo ndi chithunzi, zimene ambiri timaika pa masivi athu, zisalowemo, chifukwa chilengezo sichinazifunse.

Chachitatu, ati nanga sivi ikakhala yabodza, si ndiye kuti ukufalitsa bodza? Chidule sichitsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona; chimangonena zimene zalembedwa. N'chifukwa chake mawu oti "sivi ikuti" ndi ofunika. Kutsimikiza kumabwera pambuyo pake, poona masatifiketi enieni ndi poimbira foni anthu amene wofunsirayo anawatchula kuti amamudziwa. Koma ukalemba kuti "wodalirika", watsimikiza chinthu chimene palibe satifiketi imene ingachitsimikize.

Ndivomere chinthu chimodzi chopweteka. Lamulo limeneli silimukomera munthu amene amadziwa ntchito koma sadziwa kulemba sivi. Ngati wakhala ukugwiritsa ntchito Sage zaka zinayi koma sunalembe, chidule chidzati sivi sinatchule, ndipo ukhoza kutsala. Zimenezi zimandiwawa. Komabe njira inayo ndi yoipa kwambiri, chifukwa wolemba chidule akapatsidwa ufulu wodzaza mipata, amadzazira ndani? Amadzazira amene anaphunzira naye sukulu imodzi, wakwawo, mwana wa a mpingo, kapena amene Chingerezi chake chamusangalatsa. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti ntchito m'dziko muno zimayendera kudziwana, n'kumaganiza za mabwana akuluakulu ndi maenivelopu. Nthawi zambiri sipafunika enivelopu. Pamangofunika wophunzira ntchito mmodzi ndi liwu limodzi loti "wakhama".

Kwa inu amene mukulemba masivi panopa, phunziro lake ndi lomweli, longotembenuza. Kandime kodzitama kaja, wolemba chidule wachilungamo adzakadumpha. Chimene angathe kunyamula kupita nacho kwa bwana ndi chimene chingalozedwe ndi chala: mwezi ndi chaka chimene munayamba ndi kusiya, dzina la udindo, chimene munkachita ndi manja anu, pulogalamu imene munkagwiritsa ntchito ndi pa ntchito iti, ndiponso ngati maphunziro munamaliza kapena mukupitiriza.

Ndipo kwa inu amene mawa mudzapatsidwa mulu wa masivi ngati ine, musanatumize chidule, ikani sivi kumanzere, chidule kumanja, muyende liwu ndi liwu. Miyezi muwerenge ndi cholembera, osati ndi maso. Mneni wa mwini wake musamusinthe: "anathandiza" akhale "anathandiza". Liwu limene chala chanu chalephera kulipeza, kapena mwalipeza pokhapo pamene munthuyo akudziyamikira yekha, lichotseni. Mayi wa nambala 22 sanadziwe kuti tsiku lina anatsala pang'ono kutsala chifukwa cha ine, ndipo akanatsala sakanadziwa woti amufunse.