Dazi Likayamba Kusuzumira

Mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, anandicezera mwezi wathawu atavala cipewa ngakhale kunali mitambo. Titakhala pansi anacivula, naweramitsa mutu, nati: "Amalume, taonani. Mankhwala aja andinyenga." M'thumba anaturutsa kabotolo ka minokisidili kamene anagula ku Lusaka. Anapaka masabata asanu, ndipo poona kuti tsitsi likuthothoka koposa kale, analeka. Mnyamatayu ali ndi zaka 29, ndipo ukwati uli pafupi. Ine wa dazi lowala ngati mbale sindinamuseke, pakuti ndikumbukira mmene zinandiwawira pa msinkhu wace.

Coyamba ndinafuna kudziwa ngati ndi dazi lenileni. Dazi la amuna limayamba m'malo awiri. Tsitsi limabwerera m'mbuyo m'ngodya ziwiri za pamphumi, kusiya kacilumba pakati, kapena limayamba kupyapyala pa liwombo, pamene mwini mutu saonapo. Nthawi zambiri woyamba kudziwa ndi wometa, kapena wokhala pa benci la kumbuyo kwanu. Tsitsi la kunkhongo ndi la pamwamba pa makutu limatsala lolimba.

Cizindikiro ceniceni sicili m'kucuruka kwa tsitsi logwa, popeza munthu aliyense amataya tsitsi 50 kufikira 100 pa tsiku osadziwa. Yang'anani maonekedwe a tsitsi lotsala. Pamalo podwala mudzapeza tsitsi lonenepa litasakanizika ndi lina lowonda, lalifupi, lofewa ngati la khanda. M'thupi la mwamuna muli madzi a cibadwa ochedwa tesitositeroni, ndipo ena mwa iwo amasanduka DHT. Kwa amene anatengera ku mtundu, kaya kwa atate kaya kwa amai, DHT imafooketsa timatumba ta m'khungu mmene tsitsi limamera. Tsitsi lililonse likagwa, lolowa m'malo mwace limaturuka locepa kuposa linzace, kufikira kathumba kaleka kubala. Nchito imeneyi imatenga zaka. Ife amene timameta mpala kapena kusiya tsitsi lalifupi sitiona msanga, motero ndi bwino kulisiya likule masabata atatu, ndi kupempha wina ajambule cithunzi ca pa liwombo ndi ca pamphumi. Bwerezani patapita miyezi itatu, pa kuwala komweko.

Kulinso kuthothoka kwina kumene si dazi. Cigamba cozungulira ndi cosalala cimene caoneka m'masabata ocepa ndi nthenda ina. Cigamba coyabwa, cofunduka, ca tsitsi lodukaduka, cingakhale cipere. Tsitsi likagwa mutu wonse patapita miyezi iwiri kapena itatu mutadwala malungo aakuru, kawirikawiri limabwerera lokha. Ndipo tigamba tambiri ngati podyedwa ndi njenjete tingakhale cizindikiro ca cindoko. Zonsezi ziyenera kuonedwa ku cipatala musanataye ndalama pa botolo.

Mutu wa mphwanga unali ndi dazi lenileni, longoyamba pa liwombo. Apa ndipo minokisidili amathandiza koposa.

Mankhwalawa anayamba ngati mapiritsi ocepetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo madokotala anaona kuti odwala akumera ubweya ponseponse. Mu 1988 dziko la Amereka linaloleza opaka pamutu. Lero amuna amagwiritsa nchito kwambiri a mphamvu ya 5 peresenti, amadzi kapena athovu. Amadziwo muyeso wace ndi mililita imodzi m'mawa ndi imodzi madzulo, kotero botolo la mamililita 60 limatha pa mwezi umodzi. Mumadontheza pa khungu louma, osati pa tsitsi, ndi kufalitsa ndi cala, kenaka kusamba m'manja. Mutu usanyowe kwa maola anai, ndipo madzulo muyembekeze uume musanagone. Kuthira wambiri sikufulumizitsa kanthu. Kumangotha botolo ndi kuutsa mabvuto.

Tsono cimene cinaopsa mphwanga ndi cinthu codziwika bwino. Tsitsi lili ndi nyengo yomera ndi nyengo yopuma. Minokisidili amadzutsa timatumba topuma, ndipo tsitsi latsopano pomera limakankha lakale, monga dzino la mwana limagwera cifukwa lina likudza pansi. Kuthothoka kumeneku kumaoneka m'masabata oyamba, ndipo kumaleka kokha pomafika miyezi iwiri. Iye analeka pa nthawi imene mankhwala anali atangoyamba kugwira. Tsitsi limakula pang'onopang'ono, ngati sentimita imodzi pa mwezi kapena kucepera, motero palibe cooneka miyezi itatu kapena inai isanakwane. Ciweruzo cacilungamo cimadza pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndi caka cathunthu, poyerekeza zithunzi zija.

Anandifunsa kuti, "Nanga ndikapirira, lidzabwerera lonse monga kale?" Ndinamuuza kuti iai. Minokisidili amanenepetsa tsitsi lowonda ndi kucedwetsa dazi. Ena amaona pa liwombo patadzazanso ndithu. Ambiri amangosunga limene ali nalo, mwina ndi kuonjezera pang'ono. Ena sapindula konse, cifukwa mankhwalawa ayenera kuyamba asandulizidwa m'khungu asanagwire nchito, ndipo si khungu lonse limene limacita zimenezo mokwanira. M'ngodya za pamphumi phindu limakhala locepa. Pamene pakhala posalala zaka zambiri, monga panga, palibe comera. Kumeneko kuli ngati kuthirira citsa couma.

Mau amene ogulitsa sakonda kunena ndi awa: mankhwalawa sacotsa gwero la dazi. DHT imapitiriza nchito yace pansi. Tsiku limene mwaleka, tsitsi lonse limene anali kusunga limayamba ulendo, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inai mutu umafika pamene ukadakhala mukadapanda kupaka. Ndiye kuti ndi botolo mwezi uliwonse, mabotolo 12 pa caka, kwa zaka zonse zimene mufuna tsitsilo. Kwa munthu amene akulowa m'banja, iyi ndi nkhani yokambirana ndi mkazi wace, pamodzi ndi za lendi ndi unga. Alipo mapiritsi ochedwa finasiteraidi amene amacepetsa DHT, koma amenewo ngolembedwa ndi dokotala, cifukwa kwa amuna ena amafooketsa cilakolako ca m'banja.

Bvuto limene limaoneka kawirikawiri ndi kuyabwa ndi kufunduka kwa khungu, ndipo nthawi zambiri colakwa ndi madzi amene asungunuliramo mankhwala. Athovu alibe madzi amenewo, motero ambiri amapeza bwino akasintha. Musapake pa cironda kapena pamene lumo lakucekani. Mukamva mtima kugunda mothamanga, cizungulire, kupweteka pacifuwa, kapena mapazi kutupa, lekani ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo. Wodwala mtima ayambe wafunsa dokotala. Botolo likhale kutali ndi ana, pakuti kumwa ngakhale pang'ono kungamgwetse mwana, ndipo mai woyembekezera asalikhudze. Amene muli ndi mphaka, dziwani kuti kwa iye ndi poizoni wakupha, ngakhale atangonyambita pilo.

Mphwanga anawerengera ndalama pa zala, nakhala cete kanthawi. Anati adzayesa caka cimodzi, ndipo zithunzi zikapanda kusonyeza kusintha, adzameta mpala monga ine. Tinaturuka panja, ndinamkhazika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, ndi kumjambula cithunzi coyamba ca pa liwombo.